Zilembo Zinayi za Mng'ono Wanga

Foni ija sinali yanga. Inali ya abwana, mayi wina amene anali ndi kaofesi kogulitsa maulendo kwa alendo odzaona mathithi, ndipo ine ndinali kalaliki wake, wosesa wake, komanso womuyankhira mafoni. Chinali chaka chomaliza cha m'ma 1990, mafoni am'manja atangofika kumene mu Livingstone. Anthu okhala nawo ankawerengeka. Yathuyo inali yakuda, yolemera ngati sopo wamtanda, ya kamlongoti pamwamba, ndipo ndinkaiika pa tebulo poonekera kuti aliyense wodutsa pakhomo adziwe kuti muno si mwa anthu wamba. Ndinali wonyada masiku amenewo, ndiponso wa pakamwa. Ndinkadziyesa wochenjera kuposa abale anga onse, ndipo palibe amene ankanditsutsa chifukwa ankaopa lilime langa.

Mng'ono wanga anali wosiyana nane. Tinabadwa motsatizana, tinakulira pa mphasa imodzi ku Maramba, koma iye anali wofatsa mpaka kukwiyitsa. Anakwatiwa ndi mwamuna wogwira ntchito yoombola katundu pa malire, wa ndalama zake, ndipo ankakhala ku Nottie Broadie m'nyumba ya mpanda ndi geti lachitsulo. Mwamunayo ankamumenya. Tonse tinkadziwa. Kawiri konse mng'ono wanga anathawira kwa amayi, ndipo kawiri konse amayi anatseka benchi yawo yogulitsirapo tinsomba ta kapenta ku Maramba Market, namuperekeza kwa mwamuna wake akumuuza mawu amodzi aja a Chibemba amene akazi onse a m'tauni ankawadziwa, akuti shipikisha, kutanthauza kuti pirira. Ulendo wachiwiriwo ndinapita nawo, ndipo ndinamuuza mlamu wangayo zonse zimene ndinkaganiza za iye, pamaso pa anansi ake. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati phazi langa lisadzapondenso pakhomo pake. Ine ndinatuluka ndikudziona ngati ndapambana. Amene anatsala m'nyumbamo usiku umenewo sanali ine.

Panapita miyezi isanu ndi iwiri osaonana ndi mng'ono wanga. Ndinangomutumizira kakhadi ka ofesi yathu kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi, pali nambala ya foni ija, ndi mawu oti tsiku limene adzatope adzandipeze.

Tsikulo linali Lachinayi, nyengo yotentha ija mvula isanagwe, pamene phula la mumsewu limafewa ndipo mathithi amachepa madzi moti sumamva n'komwe kulira kwake. Abwana anali atapita ndi alendo kumtsinje. Cha m'ma teni foni inalira, ndipo nambala imene inaoneka sindinkaidziwa. Ndinayankha ndi Chingerezi changa cha alendo.

"Ba sisi, ni ine."

Ankanong'ona. Kumbuyo kwake kunkamveka mwana akulira, mwana amene ndinali nditamuonapo kamodzi kokha.

"Uli kuti? Ni foni ya ndani iyi?"

"Ni ya bamulamu banu, baisiya pa chaja. Mvelani, ba sisi, nilibe nthawi. Lelo nifuna..."

Kunamveka kulira kwakufupi, tii, kenaka zii. Ndinachotsa foni kukhutu n'kuyang'ana. Inkangoonetsa masekondi amene tinalankhula, ndipo anali ochepa kwambiri.

Poyamba sindinachite mantha. Mafoni ankaduka tsiku lililonse. Netiweki ya m'tauni inali yopereŵera, timizere ta m'mbali mwa galasi tinkakwera n'kutsika pawokha, ndipo ukayandikira kumtsinje foni inkasokonezeka ndi netiweki ya tsidya lina. Panalinso kalamulo kosalembedwa kakuti foni ikaduka, woimbanso ndi amene anayamba, chifukwa mukaimbirana nthawi imodzi nonse mumapeza kuti mzere ndi wotanganidwa. Choncho ndinaika foni pa tebulo n'kudikira kuti aimbenso.

Siinalire. M'malo mwake, patapita mphindi ziwiri kapena zitatu, inangoti tii-tii, ndipo pakona pa galasi panaoneka kaenvulopu. Mameseji anali chinthu chatsopano kwambiri. Ine ndinali nditalandirapo ochepa chabe, onse ochokera kwa abwana. Ndinatsegula. Nambala inali yomwe ija, ndipo uthenga wonse unali zilembo zinayi zazikulu:

MUSA

Ndinadina batani lotsikira m'munsi kufuna mawu otsala. Panalibe. Ndinatuluka n'kulowanso, ngati kuti zilembo zina zinali zitabisala penapake. Zinali zomwezo.

Aliyense wolankhula chinenero chathu amadziwa kuti mawu oyamba choncho ndi oletsa. Musachite chakuti. Koma chiyani? Ndinakhala pampando thukuta likutsika m'khosi, ndikumalizitsa mawuwo m'mutu mwanga. Musadandaule. Musauze amayi. Musatume, chifukwa m'tauni mwathu kuimba foni timati kutuma. Amenewa ndiwo anandiopsa. Ndinaona m'maganizo mwanga mlamu wanga akulowa pa geti atabwerera foni yake, mng'ono wanga akudula msangamsanga, kenaka akulemba mobisa kumbuyo kwa chitseko kuti ndisayerekeze kuimba. Ndikaimba, foniyo ilira mokweza m'nyumba monse, ndipo mwamunayo ayankha n'kumva mawu a mkazi amene anamuletsa pakhomo pake.

Nambala inali pomwepo. Kunkangofunika kudina batani limodzi lobiriwira. Chala changa chinafika pamenepo kangapo n'kubwerera.

Ndinayamba kuyeza njira ziwirizo monga mmene ndinkachitira ndi chilichonse, modzikhulupirira. Kuimba kuli ndi phokoso, koma mawu a pakamwa satsala. Akayankha mwamunayo ndikhoza kudula, kapena kulankhula Chingerezi cha m'mphuno n'kunena kuti ndalakwitsa nambala. Koma mawu anga ankawadziwa bwino, ndinali nditamupatsa mpata wokwanira wowaloweza. Ndipo ngakhale ndidule, nambala ya ofesi ikanatsala m'ndandanda wa oimba, iye n'kuimba yekha kuti amve kuti ndi ndani. Kulemba kuli ndi kaphokoso kochepa, koma zolemba zimakhala. Kaenvulopu sikachoka pagalasi mpaka wina atsegule, ndipo amene atsegule ndiye awerenge, kaya ndi mwini uthenga kaya ayi. Ndinaganizanso zongokhala chete, koma zimenezo sindikanatha. Mng'ono wanga anali atandiitana koyamba m'moyo wake.

Sindikudziwa kuti ndinatha nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbukira kuti panalowa azungu awiri kufunsa za boti la madzulo, ndinawayankha, ndinawapatsa pepala, anatuluka. Ndikukumbukira kuti fani inkazungulira pang'onopang'ono kudenga. Mwina zinali mphindi makumi awiri.

Kenaka ndinapeza nzeru imene ndinaiona ngati yapamwamba. Ndilemba, koma ndilembera mwini foni, mawu oti aliyense akhoza kuwawerenga. Akawerenga mng'ono wanga adziwa kuti ndamva ndipo ndilipo. Akawerenga mwamunayo angoona moni wa mlamu amene wafewa mtima. Ndinalemba pang'onopang'ono, chifukwa batani lililonse linali ndi zilembo zitatu kapena zinayi ndipo unkadina mobwereza mpaka ufike pa chimene ukufuna:

BAMULAMU MULI BWANJI. MONI KU NYUMBA BONSE. NI INE MULAMU WANU

Ndinawerenga kawiri, ndinaona kuti mulibe cholakwa, ndinatumiza. Galasi linandiuza kuti uthenga wapita. Ine ndinamva kuti wafika, ndipo mtima unatsika pang'ono.

Ndinadikira yankho theka la ola. Kunali zii. Apo mantha anabwera enieni, ndipo ine mantha akandigwira sinditha kukhala pansi. Ndinatseka mawindo, ndinaika foni m'chikwama, ndinakhoma chitseko, ndinakwera takisi ya ku Nottie Broadie. Ndinatsikira pakona kuti ndisaoneke, n'kuyenda wapansi pansi pa mitengo ya mango. Galimoto yoyera ya mlamu wanga panalibe. Geti linali lokhoma ndi loko wa kunja. Ndinasuzumira pa mpata, ndinaona matewera pa chingwe ndi makatani otseka. Ndinaitana dzina lake motsitsa, kenaka mokweza, mpaka galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuuwa. Palibe anatuluka.

Ndinaganiza kuti mwamuna uja wamutenga pa galimoto, kapena wathawiranso kwa amayi. Ndinapita ku Maramba Market. Amayi anali pa benchi yawo akuingitsa ntchentche, ndipo atandiona anati, "Nanga iwe, nchito yasila?" Sindinawauze kanthu, poopa kuti mwina mawu aja anali akuti musauze amayi. Ndinakhala nawo pang'ono, ndinadya chinangwa chootcha chimene sindinachimve kukoma, kenaka ndinapita kuchipatala kukayang'ana pa mabenchi a odwala. Ku ofesi sindinabwerereko tsiku limenelo. Ndinazungulira tauni yonse mpaka dzuwa kupendeka, foni ili m'chikwama, ndikuitulutsa pakona iliyonse.

M'mawa mwake ndikutsegula loko, mayi wogulitsa nthochi ndi mtedza amene ankakhala pakhonde pathu anandiitana kuti andiuze za dzulo lake. Tinkapatsana moni tsiku lililonse, ndipo nthawi zina ankandisungira makiyi.

"Ba sisi, mailo munayenda kuti? Kunabwela mulendo wanu."

"Muzungu?"

"Awe. Mukazi, na mwana kumbuyo, na chola chikulu. Afanana na imwe, koma ni woonda. Munangochoka so, ten minutes, afika. Anankhala apa pa sitepu."

Ndinamufunsa kuti anakhala mpaka liti. Anati mpaka cha m'ma thili. Anati anamupatsa nthochi ya mwana, ndipo mlendoyo ankangoyang'ana kumsewu, galimoto iliyonse yoyera ikadutsa ankabisa nkhope. Kenaka anafunsa nthawi kwa munthu wodutsa, anaimirira, anamanganso mwana, nanyamula chikwama chake.

"Anakamba chani?"

"Anati, mukabauze ba sisi kuti ninabwela."

Ndinalowa mu ofesi n'kukhala pansi penipeni, pa simenti. Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinkangoona sitepe ija kudzera pachitseko, yopanda munthu.

Masana amenewo ndinaimba nambala ija, mantha onse atatha ntchito. Anayankha mwamunayo. Anandilola kunena moni, kenaka anafunsa mofatsa kwambiri, "Mulamu, number yanga munaipeza kuti?" Ndinati anandipatsa mnzake wina wa ku malire. Anaseka pang'ono n'kudula. Apo m'pamene ndinaona dzenje la nzeru yanga ija. Foniyo anali atangoigula, ndipo nambala yake sanaipereke kwa wachibale aliyense wa mkazi wake. Mawu anga analibe cholakwa, koma kufika kwake kokhako kunali kokwanira kumuuza kuti wina anagwira foni yake n'kundiimbira.

Sabata yotsatira nyumba ya ku Nottie Broadie inali yopanda makatani. Anansi anati asamukira ku malire ena, kumpoto kwenikweni kwa dziko, ulendo wa masiku awiri pa basi. Amayi anati ndi bwino, mwina kumeneko akakhazikika. Nambala ija inasiya kugwira.

Meseji ija ndinaisunga. Kakhadi ka m'foni kankasunga mameseji khumi okha, ndipo akadzaza kaenvulopu kankaphethira kukuuza kuti ufufute ena. Ndinkafufuta a abwana, a oyendetsa maboti, a alendo, koma ija ayi. Ofesi ikakhala yopanda anthu ndinkaitsegula n'kuiyang'ana. Tsiku lina ndinayesa kuilemba ndekha kuti ndione zala zake zinayenda bwanji. M ali pa batani la sikisi, kudina kamodzi. U ali pa eyiti, kawiri. S ali pa seveni, kanayi. A ali pa thu, kamodzi. Ndinapitiriza ndi musatume, ndipo chala chinangolumphira pa eyiti osaima, chifukwa T ali pa batani lina. Musauze chimodzimodzi. Musadandaule chimodzimodzi. Kenaka ndinayesa musabwele, ndipo foni inandikaniza. B ali pa batani lomwelo la A. Ukadina msanga, A uja amasanduka chilembo china. Umayenera kuchotsa chala, kudikira kamzere kasunthe, kenaka n'kudinanso. C nayenso ali pomwepo.

Ndinaika foni pa tebulo. Munthu wothamanga amene waima pa A, mwina waima chifukwa foni yamuimitsa. Ndipo mawu amene akanamuimitsa pamenepo anali musabwele kapena musachoke. Onse awiri ankandiuza chinthu chimodzi, kuti ndikhale pomwe ndinali. Ndinali ndi foni yotero m'manja tsiku lililonse, ndinkadzitama nayo kwa anthu, koma sindinaganizepo zoyang'ana mabatani ake.

Komabe umenewu sunali umboni, ndipo ndinakhala zaka zinayi ndikukangana nawo ndekha. Nthawi zina ndinkadziuza kuti mwamunayo analowadi, ndipo ndikanaimba zikanaipa koposa. Nthawi zina ndinkalota foni ikulira m'chikwama, ndikufufuza osaipeza. Ndinasiya ntchito ija, foni inatsala kwa mwini wake pamodzi ndi zilembo zake, ndipo ndinagula yangayanga. Mpaka lero foni ikaduka pakati pa mawu, ndimaimbanso nthawi yomweyo, ngakhale akhale munthu wongofunsa mtengo wa chinthu. Ana anga amandiseka nazo.

Mng'ono wanga anabwera pa maliro a amayi. Anafika yekha ndi ana awiri, mwamuna uja atamusiya n'kukwatira wina. Anali wonenepako pang'ono, wachete monga kale. Masiku a maliro sitinapeze mpata. Anthu atabalalika, tsiku lina masana tinakhala kuseri kwa nyumba ya ku Maramba tikutsuka mapoto obwereka kuti tikabweze, iye pa beseni la sopo, ine pa lotsukuluza. Ndinali nditakonza funsoli kwa zaka, koma linatuluka lopanda mutu.

"Tsiku lija, unafuna kulemba chani?"

Sanafunse kuti tsiku liti. Anapitiriza kupala poto.

"Musachoke pa office, nibwela."

Kenaka anandifotokozera, mosakweza mawu, ngati akunena za munthu wina. Mwamuna wake anasiya foni pa chaja m'mawa chifukwa batire inali itatha, koma atangochoka magetsi anazima, choncho siinalowe moto. Inazima tili pakati polankhula. Anaiyatsanso, chifukwa batire yotero ikapuma pang'ono imadzuka, ndipo anaona kuti kulemba kungatheke kusiyana ndi kuimba. Anali asanalembepo meseji, ankangoonera mwamuna wake. Atafika pa A, chilembo chinayamba kusinthasintha, anafufuta, anabwezera, foni inalira kuti ikuzima, ndiye anangotumiza zomwe zinalipo.

"Koma sinazime pamene apo," anatero. "Ninaimilila nayo mu manja. Ninayopa kuigwila futi, kuti light izasiliza battery. Ninati ba sisi bazatuma manje manje, osachedwa, nizakamba chabe mau yabili."

"Inankhala nthawi bwanji?"

"Kaya. Five minutes. Mwina kupitilila."

Itazima, anaibwezera pa chaja monga anaipezera, anatenga mwana ndi chikwama, anakhoma geti, nadzera njira zachidule za wapansi kuti asakumane ndi anzake a mwamuna wake. Ine nthawi imeneyo ndinali pa tebulo ndikusankha mawu aulemu. Uthenga wanga sunapeze foni yoyaka. Unakhala m'makina a kampani tsiku lonse ukudikira, monga mmene mameseji amachitira foni ikakhala yozima. Mng'ono wanga atatopa pa sitepe paja anabwerera kunyumba mwamuna asanaweruke, anamasula chikwama, anabwezera zovala m'malo mwake, anaphika. Palibe chikanadziwika. Magetsi anayaka cha m'ma sikisi. Mwamunayo anafika, anayatsa foni yake ali chiimire pabalaza, ndipo inati tii-tii m'manja mwake.

Ndinasiya poto m'madzi. Ndinkafuna kumuuza zonse, za batani lobiriwira, za takisi, za chipatala, kuti ndinamufunafuna tauni yonse. Koma zonsezo zinali zodziikira kumbuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba pakamwa panga panauma. Ndinangoti, motsitsa, "Nikhululukile."

Sanayankhe. Anapitiriza kupala, nkhope ili pa beseni. Ndinadikira, ndikuganiza kuti ndi mmene wasankhira kundiyankha, ndipo ndinavomereza kuti ndi zondiyenera. Patapita kanthawi anadzutsa mutu, naona kuti ndikumuyang'ana.

"Mwakamba chinthu, ba sisi?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anapukuta manja pa chitenje, ananyamula kampando kake, nazungulira kudzakhala mbali ina ya ine.

"Kambilani uku," anatero akuloza khutu lamanja. "Iyi inangu sinimvela, kuchokela tsiku lija."